Momwe mungasandutsire manotsi a kosi kukhala buku lokonzekerera mayeso a PMP

Bungwe la PMI, lomwe limapereka satifiketi ya PMP kwa oyang'anira mapulojekiti, limafuna kuti munthu akhale ataphunzira za kayendetsedwe ka mapulojekiti kwa maola 35 asanaloledwe kulemba mayeso. Nchifukwa chake pafupifupi aliyense amene akukonzekera mayesowa ali ndi kope lodzadza kapena fayilo yaitali ya zomwe ankalemba m'kalasi. Vuto ndi lakuti manotsi amenewa amatsatira momwe mphunzitsi ankaphunzitsira, ndipo ambiri amayankha funso lakuti chinthu chakuti nchiyani. Mayeso a PMP safunsa kwambiri zimenezo. Amakupatsani nkhani ya ziganizo zinayi kapena zisanu, ya pulojekiti yomwe yafika povuta, kenako nkufunsa chomwe woyang'anira pulojekitiyo achite poyamba kapena chomwe achite tsopano. Ntchito yonse yomwe ndikufotokoza pano ndi yochotsa manotsi anu mu dongosolo la kalasi nkuwaika mu dongosolo la mayeso, ndi kusandutsa matanthauzo kukhala ziganizo za chochita.

Yambani ndi kudziwa mayeso omwe mudzalembe

Musanatsegule kope lanu, pitani pa webusayiti ya PMI mukatenge chikalata chotchedwa `Exam Content Outline`. Ndi chaulere, ndi chachifupi, ndipo ndicho chimanena zomwe mayeso amayesa. Ambiri amaganiza kuti mayeso amachokera m'buku la PMBOK Guide lokha, koma bukulo ndi limodzi chabe mwa mabuku omwe olemba mafunso amagwiritsa ntchito.

Chikalata chomwe chinayamba kugwira ntchito mu Januwale 2021 chinagawa mayeso m'zigawo zitatu: `People` ndi 42 peresenti, `Process` ndi 50 peresenti, ndipo `Business Environment` ndi 8 peresenti. M'zigawozi munali ntchito 35, pa mafunso 180 ndi mphindi 230. Pa mayeso oyambira mu Julayi 2026, PMI inasintha kagawidweka kukhala 33, 41 ndi 26 peresenti. Taonani chigawo chachitatucho: 8 peresenti ya mafunso 180 ndi mafunso pafupifupi 14, pomwe 26 peresenti ndi pafupifupi 47. Ngati kosi yanu inangodutsa pamwamba pa chigawo chimenechi m'masana amodzi poti chinali chaching'ono, manotsi anu ali ndi dzenje lalikulu pamalo omwe tsopano ali ndi malikisi ambiri. Tengani chikalata chogwirizana ndi tsiku lomwe mudzalembe, osati chomwe mnzanu anakutumizirani pa foni chaka chatha.

Kenako yang'anani msinkhu wa manotsi anu. Ngati adzadza ndi njira 49 zoikidwa m'magulu 5 ndi mitu 10, ndipo tsamba lililonse lili ndi mndandanda wa zolowa, zida ndi zotuluka, kosi yanu inatsamira pa PMBOK Guide yachisanu ndi chimodzi ya 2017. Ngati mukuona mfundo 12 ndi madera 8 a kagwiridwe ka ntchito, inatsamira pa yachisanu ndi chiwiri ya 2021. Manotsi a mtundu woyambawo musawataye. Amafotokoza bwino kwambiri za ndandanda ya ntchito, bajeti ndi kugula katundu. Koma kawirikawiri amakhala ochepa pa njira ya `Agile`, yogwira ntchito m'zigawo zifupizifupi nkumasintha pulani ntchito ikamayenda, yomwe pamodzi ndi njira zoisakaniza ndi yokonzeratu zonse pachiyambi imatenga theka la mafunso kapena kuposerapo.

Ikani chizindikiro pa tsamba lililonse

Lembani manambala pa masamba onse a kope lanu, ngati mulibe kale. Kenako pangani tebulo, pa pepala kapena pa kompyuta, lokhala ndi mzere umodzi pa ntchito iliyonse ya m'chikalata chija. Madanga ake akhale anayi: dzina la ntchito monga lalembedwera, masamba a manotsi anu omwe akukamba za ntchitoyo, ngati zomwe muli nazozo ndi za njira yokonzeratu zonse pachiyambi kapena za `Agile` kapena zonse ziwiri, ndipo lomaliza momwe mukudzionera nokha, 1 ngati simungayankhe funso pamenepo, 2 ngati mukukayika, 3 ngati mungaphunzitse mnzanu.

Tsopano werengani kope lonse kamodzi, mwachangu, osalembanso chilichonse. Pa ndime iliyonse dzifunseni kuti ikugwa pa ntchito iti, nkulemba nambala ya tsamba mu tebulo. Ndime imodzi ikhoza kugwa pa ntchito ziwiri. Zomwe munalemba za makontirakiti a mtengo wosasintha, mwachitsanzo, ndi za kugula katundu, komanso ndi za ziopsezo, chifukwa mtundu wa kontirakiti ndiwo umanena yemwe adzasenze vuto mitengo ikakwera. Lembani pa malo onse awiri.

Mukamaliza, tebulo lidzakuuzani zinthu zomwe simukanaziona powerenga. Mizere ina idzakhala ndi masamba makumi awiri, ina idzakhala yopanda kanthu. Kwa ambiri, mizere yopanda kanthu imakhala ya kusamutsa nzeru kwa omwe atsale ndi ntchito, ya kutseka pulojekiti, ya kutsatira malamulo, ndi ya kuona ngati pulojekiti ikubweretsadi phindu lomwe ankayembekezera. Mizere imeneyi ndiyo yokha yofunika kupita nayo ku mabuku ena. Pa mizere yodzadza kale musawonjezereponso, ngakhale mtima ukukokereni komweko poti ndi komwe mumamva bwino.

Padzatsalanso ndime zomwe sizikugwa pa ntchito iliyonse: nthabwala za mphunzitsi, mbiri ya njira inayake, nkhani ya kuntchito kwa mnzanu wa m'kalasi. Zilembeni mzere m'mbali, muzisiye m'kope lakale.

Lembaninso ndime iliyonse ngati chochita

Apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni, ndipo musathamange. Titenge tsamba limodzi, la momwe kusintha kwa pulojekiti kumayendetsedwera. M'makope ambiri tsambali limakhala ndi kamzere kamodzi kokhala ndi mivi: pempho la kusintha, komiti yoona zosintha, kuvomereza kapena kukana, kukonzanso pulani. Zonsezo nzoona, koma sizingakuthandizeni funso likati mkulu wina wa ku dipatimenti yomwe idzagwiritse ntchito nyumba yomwe mukumanga wakumana nanu pamalo omangira nkunena kuti muwonjezere chipinda chimodzi, ndipo mayankho anayi onse akuoneka anzeru.

Ndimeyo ilembeninso m'magawo anayi: zomwe zachitika, choyamba kuchita, chifukwa chake, ndi yankho lonyenga. Pa nkhani ya chipindayi, zomwe zachitika ndi zakuti munthu wokhudzidwa ndi pulojekiti wapempha chinthu chomwe mulibe mu pulani yovomerezeka, ndipo pulojekitiyi ndi yokonzeratu zonse pachiyambi. Choyamba kuchita ndi kumvetsa bwino pempholo nkuwerengera momwe likhudzire nthawi, ndalama, ubwino wa ntchito ndi ziopsezo, kenako lilembedwe ngati `change request` lipite kwa omwe ali ndi mphamvu yovomereza. Chifukwa chake ndi chakuti pulani yovomerezeka ndiyo muyeso womwe ntchito yonse ikuyesedwera, ndipo woyang'anira pulojekiti sangausinthe yekha pamsewu. Mayankho onyenga ndi atatu omwe amabwera kawirikawiri: kuuza amisiri ayambe chipindacho poti wapempha ndi bwana, kukana pomwepo poti mulibe mu pulani, ndi kuthamangira kwa siponsa, mkulu yemwe amapereka ndalama za pulojekiti, musanawerengere kanthu.

Pansi pake lembani mzere wina: zikanakhala za `Agile` bwanji? Pamenepo komiti ija palibe. Pempho limapita kwa `Product Owner`, munthu wosankha zoyenera kuyamba kupangidwa, yemwe amaliika pa mndandanda wa ntchito wotchedwa `Product Backlog` nkusankha malo ake pakati pa zina zomwe zikudikira, ndipo gulu silisokonezedwa pa cholinga chomwe lagwirizana kale m'masabata omwe lili mkati. Mzere umenewu uzikhala pa tsamba lililonse lomwe njira ziwirizi zimasiyana, chifukwa pa mayeso mawu amodzi m'nkhani ndiwo amakuuzani njira yomwe pulojekiti ikutsata, ndipo yankho lolondola ku mbali imodzi ndi lolakwika ku mbali inayo.

Chitsanzo china chachifupi ndi kusiyana kwa chiopsezo ndi vuto. Manotsi ambiri amangoti chiopsezo sichinachitike, vuto lachitika kale. Buku lanu lipitirire pamenepo. Kontirakitala akakuuzani kuti simenti mwina ichedwa, mumalemba m'kaundula wa ziopsezo, `risk register`, nkuona kukula kwa chiopsezocho ndi kukonza chodzachita. Akakuuzani kuti simenti sinafike, mumayamba mwaona ngati munakonzeratu chochita pa zimenezi, nkuchita chomwecho, ndi kulemba m'kaundula wa mavuto, `issue log`. Funso likati chinthu chachitika chomwe chinali kale m'kaundula wa ziopsezo, yankho nthawi zambiri silikhala kuitanitsa msonkhano woganizira njira yatsopano.

Mayina a zikalata ndi maudindo muwasiye monga momwe mudzawaonere pa kompyuta ya mayeso. Kufotokoza kwake lembani m'chilankhulo chomwe mumaganizira, kaya ndi Chichewa, Chingerezi kapena zonse mophatikiza. Ngati mwalephera kufotokoza chifukwa cha yankho m'mawu anuanu, ndiye kuti ndimeyo munangoikopera m'kalasi osaimva, ndipo mu tebulo muja muyenera kuipatsa 1.

Pali chinthu chimodzi chomwe anthu odziwa ntchito amapunthwa nacho kuposa achinyamata. Kuti muloledwe kulemba, mumayenera kukhala mutatsogolera mapulojekiti kwa zaka zingapo, ndipo m'zaka zimenezo mwaphunzira momwe zinthu zimayendera ku ofesi kwanu. Kumeneko mwina bwana akalamula, anthu amayamba kaye ntchito mapepala nkutsatira pambuyo, kapena wogwira ntchito akavuta amangopita naye kwa oyang'anira antchito. Pa mayeso, woyang'anira pulojekiti amayamba wakambirana ndi munthuyo payekha, amafufuza gwero la vuto, ndipo amapita kwa akuluakulu pokhapokha nkhani yapitirira mphamvu zake. Sindikunena kuti njira ya ku ofesi kwanu ndi yopusa, nthawi zina ndiyo yokha yotheka. Koma m'buku lanu ikani kachizindikiro, kaya kanyenyezi kofiira, paliponse pomwe chizolowezi chanu chikusiyana ndi yankho lomwe PMI ikufuna. Malo amenewo ndi omwe dzanja limasankha lokha mukatopa, cha ku funso la 150.

Tsamba la masamu: chitsanzo chimodzi, osati mndandanda

Pafupifupi kope lililonse lili ndi tsamba la mafomula oloweza. M'malo mwake, pangani pulojekiti imodzi yongoyerekeza, ya manambala osavuta, ndipo mafomula onse muwayendetse pa iyo.

Tinene kuti mukumanga buloko ya makalasi pa bajeti ya 60 miliyoni kwacha, m'miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pulani ikuti mwezi uliwonse pazichitika ntchito ya 10 miliyoni. Pakutha pa mwezi wachitatu mwapita kukayendera, mwapeza kuti ntchito yomwe yathadi ndi 40 peresenti, pomwe ndalama zomwe zapita ndi 32 miliyoni. Ntchito yomwe inayenera kukhala itatha ndi ya 30 miliyoni. Yomwe yathadi ndi 40 peresenti ya 60, kutanthauza 24 miliyoni. M'mafomula, `BAC` ndi bajeti yonse, `PV` ndi ntchito yomwe inayenera kutha, `EV` ndi yomwe yathadi, ndipo `AC` ndi ndalama zomwe zapita.

```
BAC = 60   PV = 30   EV = 24   AC = 32
CV  = EV - AC = -8
SV  = EV - PV = -6
CPI = EV / AC = 0.75
SPI = EV / PV = 0.80
```

Pansi pa manambalawa lembani tanthauzo lake m'mawu omwe mungauze siponsa. Mwadutsa bajeti ndi 8 miliyoni pa ntchito yomwe mwagwira. Pa kwacha iliyonse yomwe mwalipira mwapeza ntchito ya matambala 75. Ntchito ili m'mbuyo, chifukwa mwachita magawo 80 pa 100 a zomwe munayenera kufika. Cholakwika chofala ndi kuyerekeza 32 ndi 30 nkunena kuti mwangodutsa ndi 2 miliyoni. Kuyerekeza kumeneko kukuiwala kuti ndalama zapita pa ntchito yochepa kuposa yomwe inakonzedwa. Onani kuti mafomula onse anayi akuyamba ndi `EV`, ndipo nambala yochepera ziro, kapena yochepera 1 pa zogawa, ndi nkhani yoipa.

Tsopano funso lomwe siponsa angafunse: kodi buloko imeneyi idzatha pa ndalama zingati? Manotsi ambiri amangondandalika mafomula a `EAC`, kutanthauza ndalama zonse zomwe ntchito idzathere, osanena nthawi yogwiritsa ntchito iliyonse, pomwe mayeso amayesa ndendende kusankhako.

```
EAC  = BAC / CPI               = 80
EAC  = AC + (BAC - EV)         = 68
TCPI = (BAC - EV) / (BAC - AC) = 1.29
```

Yankho la 80 miliyoni ndi la pomwe chomwe chadya ndalamacho chipitirire mpaka kumapeto, monga amisiri omwe amagwira pang'onopang'ono kuposa momwe munawerengera. La 68 miliyoni ndi la pomwe vutolo linali la kamodzi, monga mvula yomwe inakokolola fawundeshoni nkuyambiranso, ndipo ntchito yotsala ya 36 miliyoni iyenda pa mitengo ya mu pulani. Ngati mawerengero a pachiyambi asiya kugwira ntchito, monga zinachitikira mapulojekiti ambiri ku Malawi kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, njira yake ndi kuwerengeranso ntchito yotsala kuyambira pansi nkuphatikiza ndi zomwe zapita kale. Nambala ya 1.29 ikuti kuti mumalize pa 60 miliyoni pomwepaja, gulu lomwe lakhala likupanga matambala 75 pa kwacha liyenera kuyamba kupanga kwacha imodzi ndi matambala 29. Aliyense amene anayang'anirapo zomangamanga akudziwa kuti zimenezo ndi zokayikitsa, ndipo chiganizo chimenecho chilembedwenso pa tsambalo.

Chitani chimodzimodzi ndi ndandanda ya ntchito: kajambulidwe kamodzi ka ntchito zisanu kapena zisanu ndi imodzi, njira yaitali kwambiri yodziwika bwino, ndi masiku omwe ntchito zina zingachedwe osasuntha tsiku lomaliza. Masamba awiri kapena atatu a masamu akukwana. Mafunso ambiri a manambala amakupatsani kale `CPI` ndi `SPI` nkufunsa tanthauzo lake kapena chochita, ndiye musathere sabata yathunthu pamenepa.

Liyeseni bukulo, kenako lidulireni

Mukamaliza chigawo chimodzi, musadikire kumaliza buku lonse. Tsekani, yankhani mafunso oyeserera 20 kapena 30 a chigawocho mukuyang'ana nthawi. Pa mayeso a chikalata cha 2021, mphindi 230 pa mafunso 180 zinali pafupifupi mphindi imodzi ndi masekondi 17 pa funso. Mafunsowo achokere kwa ophunzitsa ovomerezeka kapena ku PMI komwe. Omwe amayenda m'magulu a pa foni nkumati ndi a mayeso enieni asiyeni: kugawana mafunso otere nkuphwanya pangano lomwe wolemba mayeso aliyense amavomera, ndiponso mayankho ake simungadziwe yemwe anawasankha.

Funso lililonse lomwe mwalakwa, ndi lomwe mwakhoza mongolota, lilembeni kumapeto kwa buku pamodzi ndi chifukwa chake. Zifukwa zake zimagwa m'magulu ochepa, ndipo lililonse lili ndi mankhwala ake. Ngati nkhaniyo munalibe m'buku, onjezerani ndime. Ngati inalimo koma mwaiwala, bukulo lilibe vuto, pakufunika kubwereza. Ngati munasankha chinthu cholondola koma chosakhala choyamba, konzani mzere wa choyamba kuchita, chifukwa ndiwo sunalembedwe bwino. Ngati simunaone kuti nkhaniyo ndi ya `Agile`, lembani mawu omwe anayenera kukudzutsani. Patapita mafunso mazana awiri mudzaona gulu lomwe likuchuluka, ndipo kwa anthu omwe agwira ntchito zaka zambiri nthawi zambiri limakhala lachitatulo.

Musafunefune nambala yokhozera kuti muilembe pachikuto. PMI siilengeza. Zotsatira zimabwera pa chigawo chilichonse ndi mawu anayi, `Above Target`, `Target`, `Below Target` ndi `Needs Improvement`, ndiye malikisi anu oyeserera muziwasunga pa chigawo pa chigawo, osati ophatikiza. Munthu akhoza kumapeza bwino pa zonse pamodzi pomwe chigawo chimodzi chili pansi.

Pa kutalika kwa buku, muyeso wanga ndi tsamba limodzi pa ntchito iliyonse ya m'chikalata, awiri pa zikuluzikulu, kuphatikiza masamba a masamu ndi a zolakwa. Likapitirira masamba 50, mwayambanso kukopera kope lakale. Njira yodziwira chochotsa ndi yosavuta: phimbani gawo la choyamba kuchita ndi dzanja, werengani zomwe zachitika, yankhani mokweza. Ndime yomwe mwaikhoza katatu pa masiku osiyana ifupikitseni kukhala mzere umodzi. M'chipinda cha mayeso simulowa ndi pepala lililonse, kaya mukulembera ku malo a Pearson VUE kapena kunyumba pa intaneti, choncho sabata yomaliza muzitenga pepala loyera m'mawa uliwonse nkulemba kuchokera m'mutu chitsanzo cha buloko ya makalasi chija, pamodzi ndi mizere yonse yomwe ili ndi kanyenyezi kofiira, kenako nkuyerekeza ndi zomwe zili m'buku.